Musanagule tchaja pa intaneti, werengerani nokha mawati ake

Nambala yaikulu ya mawati yomwe imalembedwa pamutu pa malonda a tchaja amaisankha ndi wogulitsa, ndipo palibe amene amamuletsa kulemba yomwe akufuna. Angalembe 65W, 120W, mwinanso 240W, pomwe m'kati mwa kabokosiko muli zida zongokwanitsa mawati 20. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amene amagula tchaja zotere sazindikira n'komwe kuti anamizidwa. Foni ikamachedwa kudzaza amati batire yatha ntchito, ena mpaka kukasinthitsa batire yabwinobwino.

Koma bodza la mawati limagwidwa mosavuta, chifukwa mawati ali ndi masamu ake. Tchaja iliyonse imakhala ndi timalemba ting'onoting'ono pathupi pake tonena mavoti ndi maampu omwe imatulutsa, ndipo mukachulukitsa ziwirizi mumapeza mawati:

```
W = V × A
```

Ntchito yonse yagona pamenepa. Tiyeni titsate tchaja imodzi kuyambira pamutu wa malonda mpaka ku ndemanga za ogula.

Choyamba, dziwani mawati omwe chipangizo chanu chimalandira

Musanatsegule n'komwe tsamba la malonda, fufuzani kuti foni kapena laputopu yanu imalandira mawati angati. Tchaja siikankhira magetsi mufoni mokakamiza ayi. Ziwirizi zimayamba zagwirizana, ndipo foni imatenga okhawo omwe inapangidwira. Foni ya mawati 25 idzatenga 25 basi, ngakhale mutailumikiza ku tchaja yeniyeni ya mawati 100. Malaputopu ambiri otchajira pa USB-C amafuna 45 kapena 65, ndipo nambalayi imalembedwa pa tchaja yomwe anabwera nayo. Ilembeni penapake, chifukwa ndi imene mudzayezere zonse zotsatirazi.

Kenako siyani mutu, funani mzere wa Output

Tiyerekeze kuti mwapeza malonda omwe mutu wake ukuti `120W Super Fast Charger 4 Ports PD QC3.0`. Chithunzi choyamba chikuonetsa tchaja yoyera ya mabowo anayi, limodzi la USB-C ndi atatu a USB-A, ndipo nambala 120 yalembedwa mokula kuposa tchajayo. Musachedwe pamenepo. Pitirizani kuona zithunzi zonse mpaka mupeze chomwe chikuonetsa kumbuyo kapena kunsi kwa tchaja, kumene kuli timalemba tija, ndipo muchikulitse. Ngati chithunzi chotere palibe, tsikirani m'munsi mwa tsambalo pamene afotokoza za katunduyo. Tinene kuti mwapeza izi, pomwe Input ndi magetsi olowa kuchokera kukhoma, ndipo mizere yotsatirayo ndiyo Output, magetsi otuluka:

```
Input: 100-240V~ 50/60Hz 0.5A
USB-C: 5V/3A, 9V/2.22A, 12V/1.67A
USB-A1: 5V/3A, 9V/2A, 12V/1.5A
USB-A2/A3: 5V/2.4A
Total: 5V/3.1A
```

Tengani mzere wa USB-C muchulukitse gulu lililonse palokha. Mavoti 5 ndi maampu 3 akupereka mawati 15. Mavoti 9 ndi maampu 2.22 akupereka pafupifupi 20. Mavoti 12 ndi maampu 1.67 akuperekanso 20. Apa mpamene ambiri amasokonekera: manambala atatuwa saphatikizidwa. Bowo limodzi limatulutsa gulu limodzi pa nthawi imodzi, lomwe lagwirizana ndi foni. Ndiye mphamvu yeniyeni ya bowo la USB-C ndi yaikulu mwa zitatuzi, mawati 20.

Chitani chimodzimodzi ndi mabowo enawo. Loyamba la USB-A likufika pa 18, ndipo awiri otsalawo 12 lililonse. Tsopano muli ndi yankho la funso lomwe mwabwerera: mukalumikiza chipangizo chimodzi, tchajayi singakupatseni zoposa mawati 20. Laputopu yanu ya mawati 65 siingakhute nayo, ndipo malaputopu ambiri sangayambe n'komwe kutchaja, chifukwa amafuna mavoti 15 kapena 20 omwe pamndandandapa palibe.

Nanga 120 ija yachokera kuti? Ogulitsa ena amaphatikiza mabowo onse n'kulemba chiwerengero chonsecho pamutu. Tiyese: 20 ndi 18 ndi 12 ndi 12 zikukwana 62. Ngakhale titawakomera mtima chotere, sitinafikebe pa 120. Nambalayo angoipeka.

Mzere womaliza ndi umene ndikufuna muuyang'anitsitse, chifukwa ndi womwe umaulula zonse. `Total: 5V/3.1A` ukutanthauza kuti mukalumikiza zipangizo zingapo nthawi imodzi, tchajayo imatsikira pa mavoti 5, ndipo mabowo onse amagawana maampu 3.1. Amenewo ndi mawati 15.5 okha. Mafoni anayi akagawana, iliyonse ikupeza osakwana mawati 4. Tchaja zambiri zotchipa zimapangidwa motere: m'kati muli gwero limodzi la magetsi, ndipo mabowo onse amamwa pamenepo. Mabowo akachuluka sizitanthauza kuti mphamvu yachuluka.

Tchaja zoona za mabowo angapo nazonso zimagawa mphamvu, koma wopanga amanena poyera mmene zimagawira. Ya mawati 65 ya mabowo awiri nthawi zambiri imapereka 65 mukagwiritsa ntchito bowo limodzi, ndipo mukalumikiza ziwiri imagawa 45 ndi 20. Mudzapeza chithunzi kapena mizere yosonyeza zimenezi. Pamenepo palibe chinyengo, malinga mwawerenga n'kuona kuti 45 ikukwanirani. Malonda a tchaja ya mabowo atatu kapena anayi omwe sakunena kalikonse za kagawidweka, ine ndimawadutsa.

Mzere wa Input nawo ndi mboni

Anthu ambiri sauwerenga mzerewu, chonsecho umathandiza kwambiri pamene wogulitsa wasintha manambala a mbali inayo. Tchaja singatulutse mphamvu yoposa yomwe yakoka kukhoma. Maampu olembedwa pa Input ndi ochuluka kwambiri omwe tchajayo imakoka, ndipo imakoka ochuluka chotero pamene mavoti akukhoma ali otsika kwambiri, pa 100. Chulukitsani 100 ndi 0.5, mupeza 50. Pa 50 imeneyo ina imatayika ngati kutentha ndiponso m'njira zina, motero yotuluka imakhala yochepa ndithu. Tchaja yolembedwa `0.5A` kapena `0.6A` pa Input kawirikawiri imakhala ya mawati 20 kapena pafupi pamenepo. Zenizeni za mawati 65 zimalembedwa maampu 1.5 kapena kuposerapo pang'ono. Mukaona 120W pamutu koma `0.5A` pa Input, simufunikanso umboni wina.

Kulemera nakonso kumanena zoona, ngati kwalembedwa. Mphamvu yambiri imafuna zida zazikulupo ndi chitsulo chochotsera kutentha. Tchaja zenizeni za mawati 65, ngakhale zing'onozing'ono zija zolembedwa GaN, kawirikawiri zimalemera pafupifupi magalamu 100 kapena kuposerapo. Yodzitcha ya mawati 120 koma yolemera magalamu 50 ndi yopanda kanthu m'kati. Koma musadalire kulemera pakokha, poti nthawi zina nambala yolembedwayo imaphatikiza bokosi ndi chingwe.

Mmene nambala yoona imaonekera

Kuti bodza lizioneka msanga, ndi bwino kuzolowera maonekedwe a tchaja yoona. Njira yotchajira yomwe zipangizo zambiri za USB-C zimagwiritsa ntchito ndi USB Power Delivery, yomwe pamalonda imalembedwa PD. Ili ndi masitepe odziwika a mavoti: 5, 9, 15 ndi 20. Tchaja yoona ya mawati 65 imalembedwa chonchi:

```
5V/3A, 9V/3A, 15V/3A, 20V/3.25A
```

Gulu lomalizalo ndi lomwe likupereka 65. Ya mawati 100 imathera pa `20V/5A`. Kupitirira 100 pa bowo limodzi kunatheka mu PD kuyambira mu 2021, pamene mtundu wa PD 3.1 unawonjezera mavoti 28, 36 ndi 48, mpaka kufika pa mawati 240. Choncho tchaja ya PD yonena kuti bowo limodzi limatulutsa mawati 140 iyenera kuonetsa `28V/5A`. Mukapanda kuona mavoti 20 pamndandanda wa PD, dziwani kuti siifika pa 65, kaya mutu ukunena chiyani.

Bowo la USB-A silidziwa PD. Mwachizolowezi limathera pa mawati 12, kapena 18 ngati lili ndi Quick Charge 3.0, ndipo ena amafika pa 22.5 kapena 30. Pali kupatula kumodzi komwe ndiyenera kunena kuti ndisakusocheretseni. Makampani ena a mafoni, monga Xiaomi ndi OPPO, ali ndi njira zawozawo zotchajira zomwe zimadutsitsa mawati ochuluka kwambiri pa bowo looneka ngati USB-A wamba. Tchaja ya Xiaomi ya mawati 120 imalembedwa `20V/6A`, ndipo ndi yoona. Koma mphamvu imeneyo imatuluka pokhapokha foni, tchaja ndi chingwe zonse zili za njira imodziyo. Mukalumikiza foni ya kampani ina, mupeza zochepa kwambiri. Ogulitsa tchaja zopanda dzina amabwereka manambala amenewa, 67, 80, 120, chifukwa anthu anawazolowera, koma pa timalemba tawo simupeza maampu 6.

Eni mafoni a Samsung, inu funaninso mawu akuti PPS. Kutchaja kwa mawati 25 ndi 45 pa mafoni amenewa kumadalira PPS, mbali ya PD yolola mavoti kusintha pang'onopang'ono, yomwe imalembedwa ngati mavoti oyenda, mwachitsanzo `3.3-11V/3A`. Tchaja yoona ya mawati 65 yopanda PPS ingathe kutchaja foni yotere pa mawati 15 okha. Pamenepo wogulitsa sananame, koma inu simunapeze chomwe mumafuna.

Tsopano ndemanga za ogula

Nyenyezi musaziwerengere kwambiri. Tchaja ya mawati 20 yogulitsidwa ngati ya 120 ingathe kukhala ndi nyenyezi pafupifupi zisanu, ndipo ambiri mwa olembawo sakunama. Munthu amene ankagwiritsa ntchito tchaja yakale ya mawati 5 akagula iyi amaona kuti foni ikudzaza msanga kuposa kale, amasangalala, n'kupereka nyenyezi zisanu. Wina amalemba tsiku lomwe katundu wafika, asanamuyese n'komwe, kuyamikira kuti wafika msanga. Ndemanga zoterezi sizikukuuzani kanthu za mawati.

Yambani ndi ndemanga zomwe zili ndi zithunzi. Masamba ambiri amalola kusankha zokhazo. Mukufuna zinthu ziwiri. Choyamba ndi chithunzi cha timalemba ta pa tchaja yomwe munthu walandiradi, chifukwa nthawi zina timasiyana ndi ta pa chithunzi cha wogulitsa. Zikasiyana, khulupirirani cha wogula. Chachiwiri ndi chithunzi cha kachipangizo koyezera magetsi komwe ena amalumikiza pakati pa tchaja ndi chingwe, kamene kamaonetsa mavoti, maampu ndi mawati. Ndemanga imodzi yotere imaposa zina makumi asanu zongoti ndi yabwino.

Komabe chithunzi cha kachipangizoka chiwerengeni mosamala, kuti musaweruze tchaja yosalakwa. Ngati kakuonetsa mawati 18, funsani kuti munthuyo analumikiza chiyani. Ikakhala foni yomwe imathera pa mawati 20, nambalayo ikunena za foniyo, osati za tchaja. Ngati batire inali pa 85 peresenti, mphamvu imakhala itatsika kale, chifukwa mafoni onse amachepetsa kukoka batire ikamayandikira kudzaza. Umboni wamphamvu ndi wa munthu amene analumikiza chipangizo chanjala, monga laputopu ya batire yotsika, n'kupezabe mavoti 12 ndi mawati osakwana 20. N'chifukwa chake ine ndimafufuza mawu akuti `laptop` m'ndemanga ngakhale ndikugulira foni. Anthu angapo akanena kuti laputopu yawo siitchaja, kapena ikuchenjeza kuti tchajayo ndi yofooka, nkhani ya mawati 65 yathera pomwepo.

Pamene palibe amene anayeza, nthawi ingakuthandizeni kuyeza nokha. Batire ya foni ya 5000 mAh imasunga mphamvu yokwana pafupifupi mawati 19 kwa ola limodzi. Theka lake ndi 9.5. Ndiye wina akalemba kuti foni yake ya batire yotere inachoka pa 20 kufika pa 70 peresenti mu ola limodzi, mphamvu yomwe inkalowa inali pafupifupi mawati 10. Ikanakhala mphindi 30, ikanakhala pafupifupi 20. Foni yolandiradi mawati 120 pa tchaja yake yeniyeni imadzaza yonse pasanathe theka la ola. Munthu wa foni yotere akamayamikira kuti yadzaza mu ola limodzi ndi theka, wakuuzani zoona zake za tchajayo ngakhale wapereka nyenyezi zisanu.

Chenjeraninso ndi chithunzi cha foni yoonetsa mawu onga `Fast charging` kapena nambala ya mawati pagalasi pake. Mawuwo amasonyeza kuti foni ndi tchaja zagwirizana pa njira inayake yotchajira. Si muyeso wa mphamvu yomwe ikudutsa nthawi imeneyo, ndipo mawu akuti kutchaja kofulumira amaoneka ngakhale pa mawati 15.

Mukatha za zithunzi, werengani ndemanga za nyenyezi imodzi, ziwiri ndi zitatu, kuyambira zatsopano. Za nyenyezi zitatu ndimazikonda chifukwa olemba ake sanakwiye kwambiri moti amafotokoza bwino chomwe chinachitika. Dandaulo la munthu mmodzi lingakhale tsoka lake, kapena chingwe chake choipa. Mukufuna dandaulo lobwerezabwereza. Lofunika kwambiri ndi ili: tchaja imayamba bwino, pakatha mphindi 20 kapena 30 imatentha moti sungaigwire, kenako imasiya kutchaja kapena imachedwa. Chimenecho ndi chizindikiro cha tchaja yomwe imafika pa nambala yolembedwayo kwa kanthawi chabe koma singakhalitsepo. Tchaja yamphamvu iliyonse imafunda ikamagwira ntchito, zimenezo si vuto. Koma pakatchulidwa fungo la pulasitiki wopsa, kuthetheka, kapena galasi la foni kusamvera chala pamene ikutchaja, isiyeni ndithu, ngakhale mawati ake atakhala oona. Apo nkhani yasanduka ya moto ndi ya moyo wanu.

Pali dandaulo lina lomwe si vuto. Ena amalemba kuti akalumikiza foni yachiwiri, yoyamba imasiya kutchaja kwa kamphindi kenako n'kuyambiranso. Tchaja zambiri zoona za mabowo angapo zimatero pamene zikugawanso mphamvu.

Onaninso kuti ndemangayo ndi ya katundu yemwe mukugulayo. Tsamba limodzi limatha kukhala ndi mitundu ingapo, ya 20, ya 35, ya 65, ndipo ndemanga zonse zimasonkhanitsidwa pamodzi. Pansi pa ndemanga kawirikawiri pamalembedwa mtundu womwe munthuyo anagula. Nthawi zinanso wogulitsa amasintha katundu pa tsamba lakale kuti asunge nyenyezi zake, moti mukatsika kwambiri mumapeza anthu akuyamikira chingwe kapena chikwama cha foni pa tsamba la tchaja. Mukaona zimenezo chokanipo. Pamtengo napo samalani: mtengo wotsika womwe wakukopani ungakhale wa mtundu wochepa mphamvu, pomwe mutu ukunena za wamphamvu kwambiri. Dinani mtundu womwe mukufuna, muone ngati zithunzi ndi manambala zasintha.

Za zizindikiro sindichulukitsa mawu. CE kapena FCC, zizindikiro zonena kuti katundu akutsatira malamulo a ku Ulaya kapena a ku America, sizinena kalikonse za mawati, ndipo aliyense angathe kuzisindikiza pa pulasitiki. Chothandiza kwambiri ndi nambala ya mtundu wa tchajayo. Ilembeni pa tsamba la kampani yomwe akuti inapanga, muone ngati ilipo ndiponso ngati manambala akufanana.

Chingwe chisakupusitseni

Malonda ambiri amaphatikiza chingwe, ndipo nthawi zina nambala yaikulu ya pamutu ndi ya chingwecho, osati ya tchaja. Chingwe cholembedwa 100W chikungonena mphamvu yomwe chingapirire, sichipanga magetsi. Mbali inanso ndi yakuti chingwe chingathe kufooketsa tchaja yoona. Chingwe wamba cha USB-C mbali zonse chimaloledwa maampu 3, kutanthauza mawati 60 pa mavoti 20. Kuti mudutse pamenepo pamafunika chingwe cha maampu 5 chokhala ndi kachipangizo m'mutu mwake kotchedwa `e-marker`, komwe kamauza tchaja kuti chingwechi n'cholimba. Popanda kameneko tchaja ya mawati 100 imadziletsa pa 60. Choncho mukawerenga ndemanga yodandaula kuti tchaja ya 100 ikungopereka 60 ndendende, ganizirani chingwe kaye musanaiweruze.

Ngati mwafufuza monsemu koma mzere wa Output simunaupeze, lemberani wogulitsa mumufunse funso losazembeka: bowo la USB-C palokha limatulutsa mavoti angati ndi maampu angati, ndipo mungatumize chithunzi cha timalemba ta pa tchajayo? Akayankha mongobwereza kuti ndi 120W ndipo imatchaja mofulumira kwambiri, musagule.

Tchajayo ikafika

Musataye bokosi, ndipo sungani chithunzi cha tsamba la malonda monga linalili tsiku lomwe munagula, chifukwa wogulitsa angathe kusintha mawu pambuyo pake. Yerekezerani timalemba ta pa tchaja ndi zomwe zinalonjezedwa. Kenako dikirani batire itsike kufika cha pa 20 peresenti, lumikizani ndi chingwe chomwe mukuchidziwa kuti ndi chabwino, ikani foni pansi osaigwiritsa ntchito, ndipo muone pomwe yafika pakatha mphindi 30. Pa batire ya 5000 mAh ndi foni yolandira mawati 25, muyenera kukhala mutawonjezera pafupifupi theka la batire. Ikangowonjezera 25 peresenti, mwalandira pafupifupi mawati 10. Yesaninso ndi chingwe china kuti mutsimikize, ndipo zikabwereza jambulani timalembato ndi zotsatira zanu, mupemphe kubweza katunduyo masiku obwezera asanathe. Polemba ndemanga yanu ikaniponso chithunzi cha timalemba tija, dzina la foni yanu, peresenti yomwe munayambira ndi yomwe munafika pakatha mphindi 30.